Denga latuluka kwambiri, m'nyumba mwachita mdima, koma mvula ikulowabe pawindo

Vutoli limayamba ndi dandaulo lomveka bwino. Mvula ikagwa ndi mphepo, madzi amamenya windo n'kulowera pansi pa felemu, penti wa khoma n'kuyamba kufufuma. Mwininyumba amaitana kalipentala n'kumuuza kuti awonjezere denga kuti lituluke kwambiri kunja kwa khoma. Ntchito ikatha, chipinda chimene munali kuwerengamo masana popanda nyale chimakhala ngati kunja kwada, ndipo tsiku limene mvula ibwera ndi mphepo yamphamvu, windo lija limanyowabe. Kuwala kwapita, ndipo mvula sinatheretu.

Cholakwika chimakhala chakuti anthu amayeza chinthu chimodzi chokha, kutalika kumene denga latuluka kuchokera pakhoma. Pali muyeso wachiwiri umene umalamulira zonse limodzi ndi woyambawo: kukwera kwa mathero a denga poyerekeza ndi pamwamba pa windo. Padenga lopendekeka miyeso iwiriyi ndi yomangirirana. Denga likamatuluka, mathero ake amatsika. Ngati denga lapendekeka madigiri 25, sentimita iliyonse imene mwawonjezera kunja imatsitsa mathero ndi pafupifupi theka la sentimita, kapena kunena ndendende 0.47. Mukawonjezera mita yathunthu, mwatsitsa mathero ndi masentimita 47, ndipo kutsika kumeneku n'kumene kumadya kuwala.

Yambani mwaona chimene chikuchitikadi

Musanagwire sowo, dziwani kuti khoma likunyowa ndi madzi ochokera kuti, chifukwa madziwo amasiya chizindikiro chake. Ngati dothi ndi ndere zakwera kuchokera pansi kufika cha m'mawondo koma pamwamba pali pouma, imeneyo si mvula yomenya khoma. Ndi madzi ogwa kuchokera padenga amene akunjanja pansi n'kuwazikira kukhoma. Ngati khoma lanyowa kuyambira chapakati kutsika, mbali imodzi yokha ya nyumba, umenewo ndi mpemera, mvula yobwera chopendekeka ndi mphepo. Ndipo ngati pali mizere yakuda yoyambira pamwamba penipeni, pamene denga lakumana ndi khoma, madzi akuyenda kunsi kwa denga kubwerera kukhoma. Mwa mavuto atatuwa, limene limachepa kwambiri mukatalikitsa denga ndi mpemera.

Za mdima, khalani pampando pamalo pamene mumafuna kuwala, monga patebulo lowerengera, mutsitse mutu kufika cha pamwamba pa tebulo, muyang'ane kuwindo. Funso ndi lakuti kodi mukuona thambo kapena ayi. Kuwala kwabwino kwa m'chipinda sikuchokera kudzuwa lolowa mwachindunji, kumachokera kuthambo lonse. Ngati chimene mukuona pawindo ndi kunsi kwa denga pamwamba ndi mpanda kapena mitengo pansi, popanda kachidutswa ka thambo pakati pake, ndiye kuti malowo akungolandira kuwala kobwerera kuchokera kuzinthu zina, ndipo n'kochepa kwambiri.

Chipinda chimodzi, tichiwerengere bwinobwino

Tiyerekeze ndi chipinda cha mamita 4 kuchokera kuwindo kufika kukhoma lamkati. Nyumbayo ili pa madigiri 15 kummwera kwa ikweta ndipo windo layang'ana kumpoto. Pansi pa windo pali pa masentimita 90 kuchokera pansi, pamwamba pake pali pa 210, ndipo kunsi kwa mapaso kwakhudza khoma pa 270. Denga lapendekeka madigiri 25. Poyamba linatuluka masentimita 45, kenako analiwonjezera mpaka 120.

Pamene linali pa 45, mathero anatsika masentimita 21 n'kuima pa 249, kutanthauza masentimita 39 pamwamba pa windo. Litafika pa 120, mathero anatsika masentimita 56 n'kuima pa 214. Apatu mathero a denga angotsala pang'ono kulingana ndi pamwamba pa windo. Ndipo ngati thabwa lotchinga mitu ya mapaso lalendewera kupitirira kunsi kwa phaso, muyese kuchokera pansi pa thabwalo, chifukwa kuwala kumaima pachinthu chotsikitsitsa.

Tsopano tikhale patebulo lotalika masentimita 80, lomwe lili mamita 2 kuchokera kukhoma la windo, khomalo n'lochindikala masentimita 23. Popanda denga lotchinga, diso lili patebulo limaona kunja mpaka madigiri 30 kukwera, pamene pamwamba pa windo pamalitsekera. Tinene kuti kunjako kuli mpanda ndi mitengo zimene zatseka madigiri 15 oyambirira. Thambo lotsala ndi la madigiri 15, kuyambira pa 15 kufika pa 30. Denga la masentimita 45 silinali kudyako kalikonse pamenepa, chifukwa mathero ake anali kuonekera pa madigiri 32, kuseri kwa pamwamba pa windo. Koma la 120 likuonekera pa madigiri 21. Thambo lachoka pa madigiri 15 kufika pa 6 okha. Choipitsitsa n'chakuti gawo limene latayika ndi lapamwamba, lomwe kuwala kwake kumagwera bwino patebulo kuposa kochokera m'munsi. Mukamasunthira tebulo mkati, thambo limapitirirabe kuchepa.

Kuti muwerengere nokha, tengani kukwera kwa mathero a denga pamwamba pa tebulo, mugawe ndi mtunda wonse wochokera patebulo kufika pansi pa matherowo, kenako mugwiritse ntchito kakyuleta ya pafoni:

```
ngodya = atan(kukwera ÷ mtunda)
atan(134 ÷ 343) = 21°
```

Nanga likanatuluka masentimita 70? Mathero akanatsika 33 n'kuima pa 237, ndipo kuchokera patebulo lija akanaonekera pa madigiri 28. Thambo la madigiri 13 mwa 15 aja likanatsala. Kusiyana kwa theka la mita lokha ndiko kukulekanitsa chipinda chowala ndi chipinda chofuna nyale masana.

Kodi masentimita 70 akukwanira kutchinga dzuwa?

Apa m'pamene anthu ambiri amadabwa, chifukwa amayesa kuti mthunzi umafuna denga lalitali. Masana dzuwa likakhala pamwamba, kadenga kakang'ono kamaponya mthunzi wautali. Kutalika kwa mthunzi pakhoma loyang'anizana ndi dzuwa kumapezeka motere, poyambira pamathero a denga kutsika:

```
mthunzi = kutuluka × tan(kukwera kwa dzuwa)
```

Kukwera kwa dzuwa pakati pa tsiku kumadalira malo ndi nyengo. Cha pa 21 Malichi ndi 23 Seputembala, chotsani pa 90 latichudi yanu, kutanthauza madigiri amene muli kuchokera ku ikweta. Cha pa 21 Juni ndi 21 Disembala, dzuwa limakhala litasunthira madigiri 23.5 kumpoto kapena kummwera. Panyumba yathuyi, mu Malichi ndi Seputembala dzuwa limakwera madigiri 75 lili chakumpoto. Mu Juni limatsika kufika pa 51.5. Mu Disembala limadutsa pamutu n'kupendekera kummwera, ndiye kuti khoma lakumpoto silikhudzidwa n'komwe masana.

Pa madigiri 75, masentimita 70 amaponya mthunzi wa masentimita 261, woposa khoma lonse. Kuti windo lathu likhale mumthunzi mpaka pansi pake pamangofunika masentimita 147, kuchokera pa 237 kufika pa 90, ndipo zimenezi zimatheka dzuwa likangopitirira madigiri 65. Pamalowa zimenezo zimachitika kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kufika pakati pa Epulo, miyezi yonse yotentha. Mu Juni mthunzi umafupika kufika masentimita 88, n'kuthera pa 149, choncho gawo la m'munsi la windo limalowetsa dzuwa panthawi imene kukuzizira ndipo dzuwalo likufunika. Denga la 120 lija silinawonjezere chilichonse pamiyezi yotentha, linangotseka dzuwa la nyengo yozizira.

Kwa amene ali kumpoto kwa ikweta, tembenuzani mbali ndi miyezi. Kwa amene ali kutali ndi ikweta, mwachitsanzo pa madigiri 40, dzuwa la pakati pa tsiku limayenda pakati pa madigiri 26.5 ndi 73.5 pachaka, choncho denga liyenera kutuluka kwambiri kuti lichite ntchito yomweyo. Ndipo amene ali pakati pa madigiri 23.5 kumpoto ndi 23.5 kummwera asaiwale kuti makoma onse awiri, lakumpoto ndi lakummwera, amalandira dzuwa la masana panyengo zosiyana.

Chipinda chikutenthabe madzulo

Ngati windo layang'ana kumadzulo, kapena kummawa, denga silingakuthandizeni kwenikweni, ndipo ndikunena izi motsindika chifukwa matabwa ndi malata ambiri amawonongeka pamenepa. Cha m'ma 4 koloko madzulo mu Seputembala, panyumba yathu ija dzuwa limakhala latsika kufika pafupifupi madigiri 30. Masentimita 70 aja amaponya mthunzi wa masentimita 40 okha, wongophimba kachigawo ka pamwamba pa windo. Kuti mthunzi ufike pansi pa windo, denga likanayenera kutuluka mamita awiri ndi theka popanda kutsika, ndipo ola limodzi likadutsa dzuwa likanalowabe kunsi kwake. N'chimodzimodzi ndi kuika dzanja pamphumi: limathandiza dzuwa lili pamutu, koma likakhala maso ndi maso ndi inu, muyenera kuika dzanjalo kutsogolo kwa nkhope.

Windo lakumadzulo limafuna chotchinga choimirira kunja kwa galasi: zitseko za windo zimene mungatseke madzulo n'kutsegula m'mawa, timatabwa topendekeka totalikirana pang'ono, kapena mtengo wobzalidwa mbali imeneyo. Katani ya mkati imachepetsa kuthobwa m'maso koma kutentha kumakhala kwadutsa kale galasi. Ngati nyumba ikadali papepala, chepetsani mawindo akumadzulo n'kukulitsa a mbali zimene denga lingathe kuziteteza.

Mvula: zimene denga lingathe ndi zimene silingathe

Madontho a mvula sagwa mothamanga mopanda malire. Dontho lapakati limagwa mamita 6 kapena 7 pa sekondi, lalikulu kwambiri silipitirira pafupifupi 9, ndipo timadontho ta mvula yowaza timatsika pang'onopang'ono kwambiri, n'chifukwa chake mphepo imatiyendetsa chammbali mosavuta. Kupendekeka kwa mvula kumachokera pa kulimbana kwa liwiro la kugwa ndi liwiro la mphepo. Mwachiyerekezo, gawo la khoma lotsala louma ndi kutuluka kwa denga kuchulukitsa ndi liwiro la kugwa, kugawa ndi liwiro la mphepo. Mphepo ikafika pakhoma imapotoka, choncho chiwerengerochi si chenicheni mpaka sentimita, koma chimaonetsa kukula kwa nkhaniyo.

Madontho akamagwa mamita 7 pa sekondi ndipo mphepo ikuomba mamita 5, denga la masentimita 70 limaumitsa masentimita 98 a khoma, ndiye kuti theka la mita la m'munsi mwa windo linyowa. La 120 limaumitsa 168, windo lonse latetezeka. Apa lalitali lapambanadi. Koma mphepo ikafika mamita 10 pa sekondi, zomwe si zachilendo pa mvula yamabingu, la 120 limangoumitsa masentimita 84, kuchokera pa 214 kufika pa 130, ndipo pansi pa windo, pamene madzi amalowera, panyowa ndithu. N'chifukwa chake mwininyumba uja anapeza madzi m'chipinda ngakhale atalipira ntchito yonseyo. Denga limachepetsa masiku amene windo limanyowa, koma windo liyenera kumangidwa ngati chinthu chimene chidzanyowa.

Choncho pitani pawindo penipeni. Ikani levulo pa kashelefu ka pansi pa windo kunja. Kayenera kupendekera kunja moonekeratu, kutuluka masentimita 4 kapena 5 kupitirira pulasitala, ndi kukhala ndi kamzere kokumba kunsi kwake kodula madzi kuti adonthe asanabwerere kukhoma. Nthawi zambiri mupeza kuti n'kathyathyathya, kapena womanga anakapendeketsa kuloza mkati osadziwa. Onaninso mpata wa pakati pa felemu ndi pulasitala, komanso timabowo totulutsira madzi m'munsi mwa mafelemu a aluminiyamu, timene penti ndi fumbi zimatseka. Kuti mutsimikize, wina athire madzi ndi paipi pang'onopang'ono kuyambira m'munsi mwa windo kukwera, inu muli mkati mukuyang'ana pamene chinyezi chiyambire kuoneka. Mukayamba kuthira pamwamba, madzi adzayenda paliponse ndipo simudzadziwa khomo lake.

Madzi onjanja pansi amathetsedwa ndi ngalande yolandira madzi m'mphepete mwa denga, yokhala ndi paipi yowatayira kutali ndi maziko. Popanda ngalande, yalani miyala ing'onoing'ono pamzere umene madzi amagwera, chifukwa miyala imaswa dontho pamene simenti yosalala imalinjanjitsa. Dothi lizitsetserekera kutali ndi nyumba, ndipo chotchinga chinyezi cha m'khoma chikhale masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka. Madzi obwerera kunsi kwa denga amapezeka kwambiri padenga la konkire lotuluka mopanda kupendekeka. Madzi amamatirira kunsi kwake n'kuyenda mpaka kukhoma. Mankhwala ake ndi kamzere kokumba kozama pafupifupi sentimita imodzi, pafupi ndi mathero, koyenda utali wonse. Pamalata, onani kuti apitirira thabwa la kumathero ndi masentimita pafupifupi 5 kuti madzi agwere m'ngalande, osati kuseri kwake.

Musaiwale khoma la kugebulo, lija losongoka pamwamba. Ndilo lalitali kwambiri, ndipo kawirikawiri ndiko kumene denga limangotuluka pang'ono kapena osatuluka n'komwe. Windo la pakhoma limeneli lili kutali kwambiri ndi denga moti limafunika kadenga kakekake.

Kukonza denga limene latuluka kale mopitirira

Yambani ndi zosavuta. Kunsi kwa denga lotuluka nthawi zambiri kumakhala matabwa a vanishi wakuda kapena malata osapenta. Kupenteni zoyera. Dzuwa logwera pansi kunja limabwerera m'mwamba, limamenya kunsi kwa dengako n'kulowa pawindo kupita kusiling'i. Pansi pakakhala powala, monga simenti yotuwa kapena miyala yoyera, ndipo siling'i ya mkati ikakhalanso yoyera, kuwalako kumafika mpaka mkati mwa chipinda. Sikungabweze thambo lotayika, koma m'nyumba zambiri kusinthaku kumaoneka tsiku lomwelo. Ngati thabwa la kumathero lalendewera kwambiri popanda chifukwa, lichepetseni.

Zikakanika, njira imene ine ndimakonda ndi kudula denga kubwerera pamuyeso woyenera, monga masentimita 70 m'chitsanzo chathu, n'kukonza windo kuti lisalowetse madzi. Ena amasinthitsa lata limodzi la pamwamba pa windo ndi pepala lolowetsa kuwala. Zimathandiza, koma sankhani loyera ngati mkaka lomwaza kuwala, osati loonekera ngati galasi, apo ayi mwatsegulira dzuwa njira pamalo pomwe munkalitchinga. Ngati denga lalitali likufunikadi chifukwa pansi pake pamadutsa anthu, gawo lowonjezeralo lisatsatire kupendekeka kwa denga lalikulu. Likayamba pa masentimita 45 n'kupendekeka madigiri 10 okha, mathero ake pa 120 adzaima pa 236 m'malo mwa 214, ndipo kuchokera patebulo paja adzaonekera pa madigiri 24 m'malo mwa 21. Muyambe mwaona kaye kupendekeka kochepetsetsa kumene wopanga malatawo amalola, chifukwa malata ogona kwambiri amabweza madzi polumikizira.

Pali njira inanso yogwira bwino ntchito pamakoma aatali: kugawa windo pawiri. Kadenga kakang'ono kathyathyathya kamaikidwa pang'ono pamwamba pa mutu wa munthu, kukhala ndi windo lalikulu pansi pake ndi kawindo kakang'ono pamwamba pake. Kadengako kamatchinga windo la m'munsi, pamene pamwamba pake popentedwa zoyera pamaponyera kuwala kusiling'i kudzera m'kawindo kapamwamba. Kuwala kwa masana kumafika bwino mkati mtunda wa pafupifupi kawiri kapena kawiri ndi theka kukwera kwa pamwamba pa windo, choncho galasi lokwezedwa m'mwamba limapindulitsa kuposa kukulitsa windo m'mbali.

Chilichonse chimene mwasankha, mphepo muiganizire. Ikamenya khoma imakankha denga lotuluka kuchokera kunsi pamene ikulikokanso pamwamba, ndipo madenga ambiri amayamba kusasuka pamakona ndi m'mphepete. Matabwa ongokhomerera kunsonga za mapaso akale ndi misomali iwiri itatu sangapirire. Thabwa lowonjezera lilowe mkati utali wosachepera kawiri gawo lotuluka, limangidwe ndi mabawuti, ndipo mapaso amangiriridwe kukhoma ndi zitsulo. Denga lotuluka pafupifupi mita kapena kupitirira lifunika zogwiriziza zopendekeka kapena nsanamira, komanso injiniya alione.

Musanadule kapena kuwonjezera, yesani kaye ndi pulayiwudi kapena katoni yolimba. Ikhomereni kwakanthawi pamwamba pa windo, mathero ake ali ndendende pamene mathero a denga adzakhale, potuluka ndi pokwera pomwe. Ipitirire windo mbali zonse ziwiri ndi utali wosachepera kutuluka kwake, chifukwa dzuwa la m'ma 10 koloko m'mawa ndi la m'ma 2 koloko masana limalowera m'mbali. Lembani ndi choko pakhoma pamene mthunzi wathera pa 10, pa 12 ndi pa 2 koloko, kenako mulowe mkati, mukhale patebulo, muone kuchuluka kwa thambo limene latsala. Choko chikuonetsani za mwezi umene mukuyesawo wokha, choncho miyezi inayo muiwerengere ndi kukwera kwa dzuwa kwa Juni, Seputembala ndi Disembala musanauze kalipentala muyeso.